Mmene tidaitanira mlendo wodzayankhula pa tsiku la achinyamata ku Ndirande

Ine ndine mlembi wa gulu la achinyamata pa mpingo wathu ku Ndirande, choncho makalata onse amadzera m'manja mwanga. M'mwezi wa Meyi 2025 komiti idagwirizana kuti tichite tsiku la achinyamata mu Juni, ndipo tiitane munthu wakunja adzatiyankhule. Kuchokera tsiku limenelo mpaka pamene mlendoyo adaima kutsogolo kwathu padadutsa masabata asanu. Makalata ndidalemba awiri, chifukwa yoyamba ndidailakwitsa.

Tidayamba ndi mutu. Anzanga ankafuna tilembe kuti “Achinyamata ndi bizinesi”, koma amayi amene amatiyang'anira ku mpingo adatifunsa kuti anthu odzamvetserawo ndi ndani. Titawerenga tidapeza kuti tikuyembekezera achinyamata pafupifupi 60, a zaka 16 mpaka 28, ambiri omaliza Fomu 4 amene angokhala pakhomo, ena ogulitsa kaunjika, ena oyendetsa kabaza. Anthu otere safuna kuuzidwa kuti bizinesi ndi yabwino. Amafuna kudziwa kuti ndi mpamba wochepa angayambire pati. Ndiye tidaupanikiza mutuwo mpaka udafika poti “Kuyamba kuweta nkhuku za nyama 50 pakhomo”. Mutu utangochepa chonchi, munthu woitana adadziwika yekha. Azakhali a wapampando wathu amadziwana ndi mayi wina wa ku Chigumula amene wakhala akuweta nkhuku zaka zambiri.

Ndisanalembe chilichonse ndidawaimbira foni. Munthu wamkulu sumangomuponyera kalata ngati kuti wavomera kale. Ndidawapatsa moni, ndidadzitchula, ndidatchulanso azakhali aja amene adatipatsa nambala, kenako ndidafunsa ngati angakhale ndi mpata Loweruka lina mu Juni. Ndidapita ndi masiku awiri m'manja, omwe tidali titawayang'ana kale pa kalendala ya mpingo kuti palibe ukwati kapena msonkhano wa amayi mu holo. Tidaonanso za mpira, chifukwa kuno Bullets ikamasewera pa Kamuzu Stadium, anyamata masana simuwaona. Mayiwo adasankha Loweruka lachiwiri, nati, “Mundilembere kalata, mwanangu, ndiione bwinobwino.”

Ndidalemba pa 12 Meyi ndi kutumiza pa WhatsApp. Padadutsa sabata yathunthu popanda yankho. Uthengawo unkaonetsa kuti auwerenga, koma kunali zii. Ndidayamba kuganiza kuti asintha maganizo, mpaka azakhali aja adatitsina khutu kuti mayiwo akufuna kubwera, koma kalata yanga idawasiya ndi mafunso amene sakadatha kufunsa mwana ngati ine.

Nditaiwerenganso ndidaona zolakwika zitatu. Ndidalemba kuti “Loweruka pa 15 Juni”, pamene pa 15 lidali Lamulungu, Loweruka lidali pa 14. Pa nthawi ndidangoti mwambo udzayamba 10 koloko m'mawa, osanena kuti iwowo adzayankhula nthawi yanji ndiponso kwa mphindi zingati. Munthu woweta nkhuku sangasiye khola tsiku lonse, makamaka mu Juni pamene chiperoni chimawomba ndipo anapiye amafuna moto usiku ndi usana. Ndipo za ndalama sindidatchule n'komwe.

Pa za ndalamapa ndi pamene ndidaphunzira zambiri. Ndidazisiya dala, poganiza kuti kutchula ndalama kwa munthu wamkulu n'kupanda ulemu. Koma tangoganizani mmene zidaonekera kwa iwo. Akavomera osafunsa, mwina adzawotcha mafuta awo kuchokera ku Chigumula kudzera ku Limbe mpaka ku Ndirande n'kubwerera chimanjamanja. Akafunsa, aoneka ngati akufuna kudyera ana a mpingo. Manyazi amene ine ndidawathawa ndidawasenzetsa mlendo, ndipo iwo adangosankha kukhala chete.

Tidakhalanso pansi ndi msungichuma wathu n'kugawa nkhani ya ndalama pazigawo zake. Pali ya mayendedwe, pali yothokozera munthu chifukwa cha nthawi yake, pali chakudya, palinso zipangizo monga mapepala ogawira anthu. Zinayi zimenezi n'zosiyana, ndipo mawu oti “tidzakuonani” kapena “padzakhala kangachepe” sanena kuti mukulipira chiti. M'thumba mwathu mudali K60,000 ya tsiku lonse. Tidaona kuti tingathe mafuta, nkhomaliro ndi mapepala, koma yothokozera tilibe.

Pa 21 Meyi ine ndi wapampando tidakwera maminibasi kupita ku Chigumula, popeza nkhani yotere imavuta pa foni. Tidawapeza atavala magambutsi, akutsuka zomwera za nkhuku kuseri kwa nyumba. Tisanayandikire khola adatiuza tiponde kaye m'beseni la madzi a mankhwala. Titakhala pakhonde wapampando adapepesa za kalata ija, kenako adafunsa mosapita m'mbali kuti, “Amayi, mukamapita kukaphunzitsa anthu pamakhala mtengo wake? Tikufuna tidziwiretu kuti tisakuchititseni manyazi.” Mayiwo adayankha kuti mabungwe akawaitana amawalipiritsa, koma ana a mpingo ayi, bola mafuta apezeke. Adafunsanso zinthu ziwiri zimene ife sitidaziganizire: ngati achinyamatawo adzalipira pakhomo, ndiponso ngati angaloledwe kusiya nambala yawo kwa ofuna kugula anapiye. Funso loyambalo ndi lolemera. Munthu amene wavomera kuyankhula mwaulere akafika n'kupeza mukudula matikiti pakhomo, amaona kuti mwamugulitsa. Tidawauza kuti kulowa n'kwaulere. Za nambala tidati tikafunse kaye akuluakulu a mpingo, ndipo adavomera kuti aisiye pomaliza, koma asagulitse kanthu mu holo.

Mawa lake ndidalemba kalata yachiwiri. Pamwamba ndidaika keyala ya mpingo ndi deti, kenako “Okondedwa Amayi”, ndi mutu wa kalata woti “Pempho lodzayankhula pa tsiku la achinyamata”. Thunthu lake lidali lotere:

“M'malo mwa gulu la achinyamata pa mpingo wathu ku Ndirande, ndikukupemphani kuti mudzatiyankhule Loweruka pa 14 Juni 2025 mu holo ya mpingo. Mutu wake ndi ‘Kuyamba kuweta nkhuku za nyama 50 pakhomo’, ndipo tingakonde mutakhudza ndalama zoyambira, chakudya, katemera ndi kapezedwe ka msika. Tikuyembekezera achinyamata pafupifupi 60 a zaka 16 mpaka 28, ambiri mwa iwo sanawetepo. Zonse zidzachitika m'Chichewa.

Mwambo udzayamba 10 koloko m'mawa, koma inu tikukupemphani mudzafike 10:30. Mudzayankhula kuyambira 11 koloko kwa mphindi 40, kenako padzakhala mafunso kwa mphindi 20. Ikadzakwana 12 koloko mudzakhala mwamasuka.

Gulu lathu lidzapereka K20,000 ya mafuta, imene tidzatumiza pa Mpamba Lachisanu pa 13 Juni, komanso nkhomaliro. Ngati muli ndi pepala logawira anthu, tidzachulukitsa ndi ndalama zathu mukatitumizira pofika pa 10 Juni. Monga tidakambirana, sitingathe kupereka ndalama ina yoposa imeneyi. Achinyamata sadzalipira polowa.

Chonde tiyankheni pofika Lachisanu pa 30 Meyi.”

Pansi ndidaika dzina langa, udindo ndi nambala ya foni. Amayi otiyang'anira adasainiranso, ndipo ku ofesi ya mpingo adadindapo chidindo. Chidindochi musachipeputse, chimauza mlendo kuti akuluakulu akudziwa, si ana okha amene angoganiza zawo. Mlendo wanu akakhala wapantchito, monga namwino kapena wapolisi amene adzayankhula m'dzina la ofesi yake, kalatayo imapita kwa bwana wake, ndiye imafunika kutumizidwa msanga kuposa apa. Ifeyo zimenezi sizidatikhudze popeza mayiwo ndi odzilemba okha ntchito.

Chiganizo choti sitingathe kupereka ndalama ina wapampando ankafuna tichichotse, akuti chikumveka chouma. Ine ndidaumirira kuti chikhale. Pakhonde paja tidalipo anthu atatu okha, koma kalata imawerengedwa ndi komiti yonse, ndipo tsiku la mwambo msungichuma amayendera zimene zalembedwa. Komanso kupatula nthawi yoyambira mwambo ndi nthawi ya mlendo kudatithandiza ife eni ake, chifukwa kudatikakamiza kulemba pulogalamu yeniyeni.

Kalatayo ndidaitumiza ngati PDF, ndipo yapepala adakapereka azakhali aja. Yankho lidabwera tsiku lomwelo madzulo: avomera. Apa m'pamene tidalengeza mu tchalitchi ndi kuika dzina lawo pa chikalata choitanira anthu. Lisanabwere yankho lolembedwa ndidakaniza aliyense kutchula dzinalo, ngakhale anzanga ankati kuvomera kwa pakhonde n'kokwanira.

Zotsalazo zidali zazing'ono. Pepala lawo lidafika pa 9 Juni, tsamba limodzi la mawerengero a chakudya cha nkhuku kuchokera tsiku loyamba mpaka sabata lachisanu ndi chimodzi, ndipo kuchulukitsa masamba 60 kudatidyera K9,000. Lachitatu pa 11 ndidawaimbira kuwakumbutsa, ndidawauzanso kuti magetsi akhoza kuthima, choncho asadalire makina oonetsera zithunzi. Adati sawafuna, abweretsa chomwera, chodyera ndi kathumba ka chakudya cha anapiye. Lachisanu msungichuma adatumiza ya mafuta ija, ataonjezerapo yotapira kuti K20,000 ifike yathunthu m'manja mwawo. Za njira sindidadalire kufotokoza pa foni, chifukwa mlendo akangopatuka pamsewu waukulu wa Ndirande n'kulowa m'tinjira amasokera. Tidaika mnyamata pafupi ndi msika kuyambira 10:15, atavala malaya a gulu lathu.

Tsikulo kudacha ndi nkhungu ndi kamvula kowaza, ndipo anthu adachedwa. Mwambo udayamba 10:35, mlendo atakhala kale pampando. Ikukwana 11 koloko kwaya idali isanaimbe, ndipo woyendetsa mwambo ankafuna iimbe kaye. Ndidapita kukamunong'oneza kuti tidalemba 11 koloko ndipo tidasainira, kwaya idzaimba mlendo akamaliza. Anyamata a kwaya sadakondwe, koma mayiwo adaimirira nthawi yake, atanyamula chomwera chija m'manja. Mafunso adachuluka mpaka ndidachita kuwadula, makamaka okhudza chitopa ndi kumene angagulitse nkhuku zikakula zonse pakamodzi.

Nkhomaliro adapempha kuti tiwaikire m'kontena chifukwa anapiye awo adali ndi masiku anayi okha. Asananyamuke adasainira m'buku la msungichuma kuti ya mafuta adalandira, ndipo amayi otiyang'anira adawapatsa chitenje chimene adagula ndi ndalama zawozawo. Pa 12:15 galimoto yawo idatuluka pageti. Lolemba ndidawalembera kalata yothokoza, n'kuikamo mafunso asanu ndi awiri amene adatsala osayankhidwa, ndipo adawayankha onse pa uthenga wa mawu womwe ndidautumiza kwa achinyamata Lachitatu.