Mmene ndinakonzera mavidiyo a vesi la m'mawa a sabata yathunthu

Ulendo woyamba ndinagwa pa tsiku lachinayi. Ndinayamba Lolemba ndi moto, ndinadzuka 5 koloko, kutsegula Baibulo, vesi lomwe landigwira mtima ndi lomwelo, kujambula, kuponya pa sitetasi ya WhatsApp. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu magetsi anazima usiku wonse kuno ku Kasungu ndipo foni inadzuka ili pa 4 peresenti, vidiyo inatuluka cha m'ma 10 anthu ali kale ku ntchito ndi kuminda. Lachinayi ndinadzuka ndi chimfine mawu atasasa, basi nkhani inathera pomwepo. Mayi ena a Mvano atandipeza ku msika anangofunsa kuti "achimwene, mavesi aja atha?" ndipo zinandipweteka chifukwa ndinadziwa kuti analipo amene amadikira.

Ndiye ulendo wachiwiri ndinasintha chinthu chimodzi chachikulu, ndinasiya kujambula tsiku ndi tsiku. Mavidiyo onse 7 ndinawajambula m'mawa umodzi, Loweruka, sabata yoti aonetsedwe isanayambe. Koma kuti zimenezo zitheke zonse zimafunika zikhale zitaganiziridwa kale pa pepala, ndipo ntchito yeniyeni ili pamenepo.

Ndinayamba ndi mavesi. Sindinafune mavesi 7 ongotola uku ndi uku, ndinafuna ulusi umodzi, ndipo ndinasankha mavesi amene mkati mwake mwenimweni muli nkhani ya m'mawa. Lolemba ndinaika Masalimo 5:3, pomwe Davide akupereka pemphero lake m'mawa n'kudikira, chifukwa ndi poyambira pabwino, munthu ukuyala sabata yako pamaso pa Mulungu. Lachiwiri Masalimo 143:8, kupempha kumva chifundo chake m'mawa ndi kudziwitsidwa njira yoyendamo. Lachitatu Yesaya 50:4, lija lonena za kudzutsidwa khutu m'mawa ndi m'mawa, komanso kudziwa mawu omuuza munthu wolema, ndinaliika pakati dala chifukwa Lachitatu ndi tsiku lomwe anthu amakhala atayamba kutopa. Lachinayi Maliro 3:22-23, zifundo zatsopano m'mawa uliwonse. Lachisanu Masalimo 30:5, kulira kwa usiku ndi chimwemwe cha m'mawa. Loweruka Marko 1:35, Yesu kudzuka kukadali mdima n'kupita kwa yekha kukapemphera. Lamulungu ndinatsekera ndi Masalimo 90:14. Lililonse ndinalitsegula m'buku mwenimwenimo ndi kuwerenga ndime za kumtunda ndi kumunsi kwake, osadalira pamtima, chifukwa kulemba 30:5 pomwe ukuwerenga 30:6 ndi chinthu chomwe mkulu wa mpingo amachigwira sekondi yomweyo.

Apa pali chinthu chomwe chinandipusitsa ulendo woyamba uja. Tsiku lina ndinawerenga kuchokera m'Buku Lopatulika la kunyumba, tsiku lina ndinakopera vesi pa foni ndipo linali la Buku Loyera. Lina likuti Yehova, lina likuti Chauta, Chichewa chakenso chosiyana, Buku Lopatulika lija la 1922 lili ndi kamvekedwe kake kachikale pomwe linalo ndi lofewa. Choipa kwambiri n'chakuti pa vidiyo imodzi pakamwa ndimati Yehova koma mawu olembedwa pa sikirini akuti Chauta. Onse ndi Mabaibulo abwino, nkhani siili pamenepo, koma pa sabata imodzi sankhani limodzi mukhale nalo mpaka Lamulungu. Ine ndinatenga Buku Lopatulika chifukwa ndi lomwe ambiri ondiwonera anakula nalo, ndipo mawu a pa sikirini ndinawatayipa ndekha kuchokera pa tsamba lomwelo lomwe ndimawerenga.

Kenako ndinapanga chigoba, ndiko kuti dongosolo lomwe vidiyo iliyonse izitsatira osasintha. Moni ndi chiganizo chimodzi basi, "Mwadzuka bwanji abale, vesi lathu la m'mawa uno ndi ili", masekondi 4. Kutchula buku, mutu ndi ndime, kenako kuwerenga pang'onopang'ono, masekondi 12 mpaka 15. Kenako ganizo limodzi, limodzi lokha, ziganizo ziwiri kapena zitatu. Pomaliza kapemphero ka chiganizo chimodzi ndi mawu otsazikira omwewo tsiku lililonse, "Tionane mawa nthawi yomweyino." Zonse pamodzi masekondi 40 mpaka 45. Nditadziyesa ndi wotchi ndinapeza kuti mawu 60 a Chichewa amanditengera pafupifupi masekondi 40 ndikamalankhula mosathamanga, mawu athu ndi ataliatali, ndiye ndinadziikira lamulo kuti pepala la tsiku lililonse lisapyole mawu 65. La Maliro linandivuta chifukwa ndi ndime ziwiri, ndinachita kudula ganizo langa kusiya ziganizo ziwiri, vesi lokha sindinalikhudze.

Gawo la ganizo ndi pomwe munthu amasochera. Ukangoyamba kufotokoza umafuna kulalikira, ndipo pepala langa loyamba la Lachitatu linali ndi mawu oposa 140, mfundo zitatu, ngati ndili pa guwa. Ndinafufuta zonse ndikusiya izi: "Lero mukumana ndi munthu wotopa, kaya pa mjigo kaya mu minibasi. Musanatuluke pemphani kuti khutu lanu lidzuke kaye, kuti mawu omwe mumuuze amupepuze." Basi. Amene akuonera ali pa mbaula akuphika phala la ana, ali ndi mphindi imodzi yokha, sangasenze mfundo zitatu.

Za kamvekedwe ndinalemba pamwamba pa pepala lililonse kuti ndikulankhula ndi munthu mmodzi amene wangodzuka kumene. Ndimati "inu" masiku onse, osati lero "iwe" mawa "inu" mkuja "okondedwa mwa Ambuye". Osakuwa, osadzudzula, m'mawa si nthawi yoloza anthu chala. Ubwino wojambula tsiku limodzi ndi womwewu, mawu ako amakhala pa mlingo umodzi, pomwe ukamajambula tsiku ndi tsiku Lolemba umamveka ngati wa chitsitsimutso, Lachinayi ngati wodwala.

Loweruka lojambula lija ndinakhala pa khonde la kuseri nkhope italoza kum'mawa, kuwala kuzindimenya kumaso osati kumsana, ukakhala kuti dzuwa lili kumbuyo nkhope imada bii ungooneka mano. Foni ndinaiimika choongoka pa mpando, kuitsamiritsa pa njerwa ziwiri, kutalika kofanana ndi maso anga, ndipo ndinalemba ndi khala pa simenti pomwe miyendo ya mpando ili kuti ikasuntha ndibwezere pomwepo. Ndinayamba 6 koloko itangodutsa. Nthawi yabwino ndi yochepa zedi, atambala akhale atachepetsa koma chigayo cha kuseri kwathu chisanalire, ndipo chimalira cha m'ma 7:30. Mphepo ya mwezi wa Julayi inandiwonongera ziwiri, pojambula sumva kanthu koma ukamvetsera umangomva phuu phuu pa maiki, ndiye ndinaphunzira kumvetsera iliyonse ndi mahedifoni ndisanapite pa yotsatira. Ndinasunthira pafupi ndi khoma ndikugwiritsa maiki ya pa mahedifoni omwewo, nditaipanikiza pa kolala ndi pini. Malaya sindinasinthe, oyera omwewo onse 7, ena amakonda kusintha kuti zizioneka ngati masiku osiyana koma ine ndinaona kuti palibe chobisa, ndipo malaya amodzi amathandiza munthu kuzindikira msanga kuti ili ndi vesi lija. Pakamwa sindinatchule tsiku la vidiyoyo ngakhale kamodzi, dzina la tsiku ndinaliika pa mawu olembedwa okha, kuti ndikafuna kusinthanitsa mavidiyo ndingosintha kalembako.

Madzulo ndinakonza mu CapCut, pulogalamu yokonzera mavidiyo. Ndinakonza ya Lolemba yokha mpaka itakhala bwino, yoongoka pa mlingo wa 9:16, mawu oyera okhala ndi kamthunzi kakuda, dzina la vesi pamwamba pa mutu wanga pang'ono, vesi lenileni pachifuwa. Osaika mawu kumapeto kwenikweni kwa sikirini, kumtunda kumakhala dzina lako ndi timizere tija, kumunsi kumakhala poyankhira, zimaphimba. Kenako ndinaikopera ka 6 ndikumangosintha vidiyo ndi mawu, fonti ndi malo osakhudza. Nyimbo sindinaike, nyimbo za eni ake Facebook imatha kuzitseka mawu ndipo vesi lako limatsala duu. Potulutsa ndinasankha 720p osati 1080p, chifukwa WhatsApp imafinya ndithu, ndipo anzanga aku Chamama ndi ku Santhe amene netiweki imawavuta amatsegula msanga bandulo osapsa. Mafayilo ndinawatchula chonchi kuti m'mawa ndi tulo m'maso ndisaponye yolakwika:

```
1_Lolemba_Sal5v3.mp4
2_Lachiwiri_Sal143v8.mp4
```

Nthawi yoponya ndinasankha 5:30. Sitetasi imakhala maola 24 kenako imachoka, ndiye ukamaponya nthawi imodzimodzi yatsopano imalowa pomwe yakale ikutuluka, munthu akatsegula dzina lako amapeza vesi limodzi la tsikulo. Ukachedwa pamakhala maola angapo opanda kanthu, ukafulumira amayamba waona la dzulo. Pa peji ya Facebook ndinaika onse 7 Lamulungu madzulo kudzera mu Meta Business Suite, iliyonse ndi tsiku lake ndi 5:30 yake, izituluka yokha. Za sitetasi ndimaponya ndi dzanja, alamu 5:20, foni yogona pa pawa banki, bandulo yogula usiku osati m'mawa. Ndinatumizanso mafayilo onse kwa mlongo wanga ku Mchinji ngati dokumenti kuti asafinyike, kuti foni yanga ikafa iye aponye ku magulu a mpingo. Ku magulu ndimatumiza awiri okha omwe ndinapempha chilolezo kwa ma adimini, anthu amatopa ndi munthu woponya paliponse.

Zomwe sindinakonzekere zinachitika Lachitatu usiku, mnyamata wa kwaya yathu anataya mayi ake. Ndinagona ndikuganiza kuti vidiyo ya Lachinayi ili ndi ganizo lopepuka, lonena zoyambanso mwatsopano, pomwe theka la ondiwonera likhala pa siwa. Apa ndi pomwe kusatchula tsiku kunandipulumutsa. Ndinadzuka 5 koloko, kutsegula ya Masalimo 30:5, kusintha kalemba kuchoka pa Lachisanu kukhala Lachinayi, kutulutsanso, kulowa pa peji kusinthanitsa masiku a ziwirizo, zonse mphindi 15. Pansi pake sindinatchule dzina la namfedwa, ndinangolemba kuti "kwa onse amene usiku wathawu sanagone." Ya Maliro inapita Lachisanu, tsiku loika, ndipo nditaimvetseranso ndili pa njinga kupita ku maliroko ndinapeza kuti nayonso inagwa pamalo pake.

Pa kope langa ndimalemba manambala awiri tsiku lililonse nthawi ya 8 usiku, oonera ndi oyankha, ndipo ndinaona kuti Loweruka anthu amatsegula mochedwa, ambiri itadutsa 7. Nthawi sindinasinthe, 5:30 yomweyo, chifukwa ndinali nditanena kale ndi pakamwa panga kuti tionane nthawi yomweyino. Pa vidiyo ya Lamulungu pokha ndi pomwe mawu otsazikira ndinawasintha, ndinati sabata yathu yatha, mavesi ena ayamba Lolemba la sabata ya mkuja, kuti ndikhale ndi Loweruka lina lojambula. Pepala la sabata imeneyo ndayamba kale, ulusi wake ndi mavesi onena za ntchito ya manja, ndipo pakali pano ndapeza asanu.