Imelo yowerengedwa si imelo yoyankhidwa

Mtima wakhala pansi tsopano, chifukwa chimene chimandizunguza pa nkhani ya inboksi chamveka, ndipo n'chaching'ono mochititsa manyazi: chimene timasaka mu inboksi si maimelo, koma mapempho. Imelo ndi envulopu chabe. Ina imabwera yopanda pempho lililonse, ina imanyamula mapempho atatu, ndipo mukailemba pa mndandanda ngati chinthu chimodzi, awiri mwa atatuwo atayika.

Za mafoda ndi malebulo sindinenapo, nonse mukuzidziwa. Cholakwika chachikulu n'kudalira `is:unread`, mawu osakira mu Gmail amene amabweretsa maimelo osawerengedwa okha. Zimene simunawerenge si zimene zimapweteka. Yoopsa ndi imelo ija munaitsegula pa foni muli pa mzere, n'kunena mumtima kuti ndiyankha ndikakhala pa kompyuta. Mutangoitsegula, zilembo zake zakuda kwambiri zija zinafufutika, ikuoneka ngati yothana nayo, ndipo zatsopano zaikankhira pansi. Choncho posaka musasiyanitse zowerengedwa ndi zosawerengedwa. Mu Gmail ndimakonda izi:

```
in:inbox newer_than:30d older_than:2d -category:promotions -category:social
```

Masiku 30 akuchepetsa mulu kuti muthe kuumaliza pa ulendo umodzi. Masiku awiri omalizawo akuchotsedwa dala, poti za dzulo ndi lero mukadazikumbukira, ndipo zikaonekera pamwamba zimakukokani n'kuyamba kuyankha m'malo mosanthula. Ambiri amawonjezera `-from:me` poganiza kuti zibweretsa zokhazo zimene sanayankhe. Sizitero. Gmail imayang'ana uthenga umodziumodzi, koma imakuonetsani mkambirano wonse. Ngati mu mkambiranomo muli uthenga umodzi wochokera kwa munthu wina, ubwera basi, ngakhale munayankha kasanu. Palibe kuchitira mwina, maso anu ayenera kugwira ntchito.

Pa mkambirano uliwonse tsikirani ku uthenga womaliza, mufunse kuti amene akudikira mnzake pano ndani. Ngati womaliza kulemba ndi iwo ndipo pali chimene akufuna, ngongole ndi yanu. Ngati womaliza ndinu, musathamangire kutseka. Werengani zimene munalemba. "Ndalandira, ndiona" si yankho, ndi lonjezo, ndipo n'loipa kuposa kukhala chete chifukwa kachizindikiro kosonyeza kuti munayankha kayaka kale, pamene ntchito ikadali pomwepo. Malonjezo oterewa amasakidwa pawokha:

```
from:me newer_than:30d (ndiona OR nditumiza OR ndikudziwitsani)
```

Ikanimo mawu amene inuyo mumazembera nawo, m'chilankhulo chimene mumalembera. Aliyense ali ndi ake awiri kapena atatu. Lembani liwu lathunthu monga mumalilembera, chifukwa chidutswa cha liwu nthawi zambiri sichipeza kanthu.

Tiyerekeze imelo imodzi. Mutu wake ndi "Re: Re: msonkhano wa Lachinayi", yochokera kwa mkulu wa zachuma, inabwera masiku asanu ndi limodzi apitawo. Ndime yoyamba akuthokoza chifukwa cha msonkhano. Yachiwiri akuti, "Munditumizire lipoti la mwezi watha lisanafike Lachisanu." Pakati penipeni pali chiganizo chopanda chizindikiro cha funso: "Zingakhale bwino manambala a pa tsamba 4 atayang'anidwanso." Pansi pa dzina lawo awonjezera kuti akufuna kudziwa ngati mudzapezeke pa msonkhano wotsatira. Wongolemba kuti "imelo ya a zachuma" atumiza lipoti n'kumva kuti wamaliza. Koma apa pali mizere itatu, ndipo sifanana. Ya kupezeka pa msonkhano imatha musanapume kawiri: yang'anani kalendala, yankhani. Ya tsamba 4 iyenera kuchitika lipoti lisanatumizidwe, ngakhale mu imelomo yabwera pambuyo, ndiponso ndi imene imaphonyedwa chifukwa yalembedwa mwaulemu, ngati maganizo chabe. Anthu aulemu salamula poyera. "Zingakhale bwino" yochokera kwa abwana ndi pempho lathunthu.

Mzere uliwonse uyambe ndi mneni wosonyeza chochita chenicheni, utchule munthu, tsiku, ndi mutu wa imelo kuti mudzaipeze msanga. Wa tsamba 4 ungakhale wotere: yerekeza manambala a pa tsamba 4 ndi malisiti, Lachitatu, imelo ya "msonkhano wa Lachinayi". Wotsatira: tumiza lipoti lokonzedwa kwa mkulu wa zachuma, Lachinayi madzulo. Taonani kuti tsiku ndalemba Lachinayi, osati Lachisanu, popeza anati lisanafike Lachisanu. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati mawa mutawerenga mzerewo n'kufunika kutsegulanso imelo kuti mudziwe choyambira, mzerewo sunapse. Mawu ngati "tsatira nkhani ya lipoti" kapena "ona za bajeti" ndi amene amagona pa mndandanda milungu itatu, chifukwa palibe dzanja limene lingagwire "kuona za".

Chimene ndimachikhulupirira kuposa zonse, mwina mopitirira muyeso, n'kudutsa kawiri. Ulendo woyamba musayankhe chilichonse, ngakhale chophweka bwanji. Yambirani pansi, pa zakale kwambiri, muzingolemba mizere. Kuyankha ndi kwa ulendo wachiwiri. Ndikudziwa lamulo lotchuka lija lakuti chimene chingathe pa mphindi ziwiri chichitidwe pomwepo, ndipo pa tsiku wamba n'labwino. Koma pa mulu wa masiku 30 limaononga. Mukayankha imelo yachitatu, mwini wake amabweza nthawi yomweyo, mwalowa m'macheza, ola latha muli pa imelo ya nambala 8 mwa 60. Choipa kwambiri n'chakuti mwathera mphamvu pa zopepuka musanaone n'komwe cholemera chimene chili pa nambala 41. Kwa ine palibe njira ina yoposa iyi, ndipo amene amati amatha kusanthula uku akuyankha, ndimangowamvera.

Zimandikwiyitsa kuti m'maphunziro ambiri a ntchito za muofesi mumatha maola mukuphunzira malonje a kalata ndi kusiyana kwa Cc ndi Bcc, koma izi n'kungozidutsa ndi chiganizo chimodzi chakuti muziyankha maimelo msanga. Msanga, koma ziti poyamba? Ngakhale za Cc zomwezo amaphunzitsa theka. Amati amene ali pa Cc akungodziwitsidwa, pamene kawirikawiri dzina lanu limakhala mu ndime yachitatu, mwapatsidwa ntchito. Imelo yotere muisakemo dzina lanu ndi Ctrl+F musanaitaye.

Zimene mukudikira kwa ena zikhale pa mndandanda wake wapadera, wokhala ndi tsiku limene mudzakumbutse. Zikasakanikirana ndi zochita zanu, mndandanda umatalika ndi zinthu zimene simungazisunthe, ndipo maso amazolowera kulumpha mizere.

Pamene sindinakhazikike maganizo ndi pa pempho lakale, la milungu itatu kapena kuposa, limene mwini wake sanakumbutsenso. Mwina anapeza thandizo kwina, mwina akungodikira mwaulemu uku akukwiya. Pakali pano ndimalilemba ngati mzere wa funso: funsa ngati akufunabe. Koma funso lomwelo limadzutsa ntchito imene mwina inali itafa yokha, ndipo ngati mapempho otere alipo khumi, sindikudziwa ngati n'kwanzeru kuwadzutsa onse tsiku limodzi, kapena kusankhapo atatu okha, enawo n'kuwasiya agone.