Lachitatu: imelo yanga yagona masiku awiri osatsegulidwa

Mpaka pano mtima sunakhale pansi, ndiye ndingolemba.

Fuliji yaikulu ya kuloji kuno inasiya kuzizira Lamlungu usiku. Mmisiri wa ku boma anabwera Lolemba m'mawa, anati kompuresa yapsa, yatsopano pamodzi ndi ntchito yake ndi K480,000, ndipo mtengowu augwira mpaka Lachinayi pa 23 chifukwa katundu amachokera ku Blantyre ndipo sachedwa kukwera. Chambo chonse tinachipanikiza m'kafuliji ka kubala. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno ku Mangochi, aliyense akudziwa kuti nsomba siidikira munthu. Tsiku lomwelo ndinalembera abwana imelo, chifukwa ndalama yoposa K100,000 situluka popanda chilolezo chawo cholemba, ndipo uthenga wa pa WhatsApp salola kuti ulowe m'faelo. Ndinalemba bwinobwino, ndime zinayi, koteshoni ndinaikamo. Lolemba zii. Lachiwiri zii.

Lero masana ndinapita kwa amayi a ku akaunti kukadandaula. Iwo agwira ntchito ndi abwanawa zaka zambiri kuposa tonsefe. Ndinayamba ndi zoti abwana satilabadira ife a kusitolo. Sanandiyankhe zimenezo, anangoti, "Tandionetsa mutu umene unalemba."

Ndinatsegula. Mutu wake unali uwu: "Moni bwana, pepani ndili ndi nkhani yofunika kwambiri yokhudza ku khitchini".

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Zinandiwawa, ndisaname. Kenako anati ndiwatumizire imelo yomweyo, ndipo itafika anandipatsa foni yawo kuti ndione ndekha. Pa mndandanda wa mauthenga panangooneka "Moni bwana, pepani ndili ndi nkha..." basi. Kunsi kwake, pa kamzere kotuwa kamene kamaonetsa chiyambi cha uthenga, panali "Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja". Fuliji palibe, ndalama palibe, tsiku palibe.

"Mwana wanga," anatero, "abwana ako sawerenga maimelo pa kompyuta ngati iwe. Amawerenga pa foni, ali m'galimoto pakati pa kuno ndi Liwonde, kapena pa kampata ka msonkhano. Chala chikungotsetsereka. Chimene akufuna kudziwa n'chimodzi: kodi iyi ikufuna ine ndichitepo kanthu, kapena ingadikire? Yako yawauza kuti ingadikire."

Tinawerenga zilembo zimene zinakwana pa foni yawoyo, kuphatikiza mipata, zinali 33. Pa foni yanga zinapitirirako pang'ono. Iwo akuti amangotenga kuti zilembo 30 kapena 35 zoyambirira ndiye munda wako wonse, zotsalazo ndi za mwayi. Ine munda wonsewo ndinadzalamo moni ndi kupepesa.

Apa ndi pamene tinakanganirana, ndipo ndi pamene pakundisowetsabe mtendere. Anati mutu uyambe ndi chimene ukufuna kuti munthuyo achite. Analemba pa kapepala: "Vomerezani K480,000 ya kompuresa ya fuliji pofika Lachinayi". Ine ndinati ayi amayi, ine sindingalamule abwana ngati ndikutuma mwana kumsika. Kwathu ngakhale wa kabaza umayamba wamupatsa moni. Iwo anati moniyo sakukuletsa, koma malo ake ndi m'kati. Envelopu sulembapo "muli bwanji", umalembapo kumene kalata ikupita. Anatinso ulemu weniweni kwa munthu wotanganidwa ndi kusamuchititsa kuti atsegule kalata kuti adziwe ngati ikumukhudza. Mawu amenewo sindinawameze msanga. Mpaka pano ali pakhosi.

Koma ngakhale mutu wawowo tinaupeza ndi vuto titauyesa. Unaduka pa "ya kompuresa...", tsiku lonse n'kubisika, pamene tsikulo ndi limene likanawadzidzimutsa abwana. Komanso mawu oti Lachinayi ndi oterera: munthu akawerenga mochedwa sadziwa ngati ndi la sabata ino kapena la mawa lake. "Mawa" ndiye woipitsitsa, chifukwa imelo ikagona usiku umodzi mawa lija lasanduka lero. Tinasintha kukhala: "Vomerezani pofika pa 23: K480,000 ya fuliji". Chochita, tsiku ndi ndalama zinakwana ndendende m'zilembo 33 zija. Mawu oti fuliji akaduka palibe chotayika, kamzere kakunsi kawanyamula, chifukwa chiganizo choyamba m'kati tinachisinthanso kukhala "Bwana, kompuresa ya fuliji yaikulu yapsa, chambo chili pa chiopsezo." Moni ndinamuika pa mzere wachiwiri. Dzanja linalemera polemba.

Ndinafunsa bwanji osangolemba URGENT ndi zilembo zazikulu, monga amachitira mnzathu wina wa kuno. Amayi aja anapukusa mutu. Akuti mnzathuyo amalemba URGENT ngakhale pa nkhani ya sopo wa m'zipinda, ndiye abwana anazolowera, maso awo amangolumpha. Liwu limenelo limanena mmene wolembayo akumvera, silinena chimene chichitike ngati munthu sayankha. Tsiku ndi ndalama zimanena zokha.

China chimene sindimadziwa n'komwe. Ine ndimafuna kungoyankha pa imelo ya Lolemba ija, ndilembe kuti ndikukumbutsa. Iwo anati ukatero Gmail imaika uthenga watsopanowo pansi pa wakale, mutu n'kukhala womwe uja wa "Moni bwana" wongowonjezera Re: kutsogolo. Munthu amene anaudumpha kawiri adzaudumphanso kachitatu. Ndiye mwina ulembe imelo yatsopano, kapena poyankhapo usankhe Edit subject kuti mutu usinthe, uthengawo uime pawokha. Ndinalemba yatsopano, ndi kuikamonso koteshoni kuti asavutike kufunafuna.

Ndikamalemba izi magetsi azima, jenereta ikulira kuseri, ndipo ndikuganiza za maimelo onse amene ndatumiza chaka chino. "Lipoti". "Nkhani ija". "Pempho". Ina ndinatumiza opanda mutu n'komwe. Ndinkati abwana ndi ouma mtima. Mwina ndi oumadi pang'ono, sindikuwachotsera, koma munthu ungayankhe bwanji "Nkhani ija" uli ndi nkhani makumi awiri? Ndiye manyazi andigwira, ndiponso kaukali kakuti bwanji palibe anandiuza chilowereni ntchito. Kusukulu anatiphunzitsa kalata ya ntchito, mutu wake wodula mzere kunsi, koma unali mutu wonena za nkhani, osati wopempha chochita.

Imelo ndinaitumiza 3:10. Nthawi ya 3:40 foni inalira. Abwana. Yankho lake liwu limodzi: "Chabwino."

Ndinathamangira ku akaunti ndikumwetulira, koma amayi aja atawerenga anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Vuto ndi langa lomwe. Nditachoka kwa iwo kuja, ndinaganiza zowonjezera m'katimo kuti palinso njira ina, kompuresa yogwirapo kale ntchito ya K290,000, ngati angakonde yotchipa. Mutu ukupempha chinthu chimodzi, m'kati muli ziwiri. Ndiye "Chabwino" ameneyu ndi wa K480,000 ya pamutu, kapena anawerenga mpaka pansi n'kusankha inayo? Amayi akuti iwo satulutsa cheke pa liwu lotere, ndilembenso ina yofunsa inde kapena ayi pa mtengo umodzi.

Ndayesa mitu itatu usiku uno. "Tsimikizani: yatsopano, K480,000?" ndi umene ukuoneka bwino, koma ndikuopa kuti imelo yachitatu pa nkhani imodzi iwatopetsa. Mmisiri waimba kawiri. Chambo cha pamwamba m'kafuliji kaja chayamba kufewa, wophika wati mawa aphike chonse ngakhale alendo ndi asanu ndi mmodzi okha. Mwina ndiitumize 6 koloko m'mawa asananyamuke, kapena ndingowaimbira kaye, kaya.