Mmene ndinagulira masheya ndi K6,000,000 m'magawo atatu

Nditagulitsa puloti, ndinatsala ndi K6,000,000 yoti ndigulire masheya pa msika wa masheya wa ku Blantyre, ndipo ndinasankha kuigawa patatu, K2,000,000 mwezi uliwonse, chifukwa ndinkaopa kuti mtengo ungagwe nditangoika yonse.

Kutsegula akaunti kwa bulokala, amene amagulira ndi kugulitsira anthu masheya, sikunavute. Gawo loyamba ndinagula sheya iliyonse pa K100, ndipo tikapatula komishoni ndinapeza masheya 20,000. Chimene chinandipsetsa mtima ndi gawo lachiwiri. Ndinatumiza ndalama ndi fomu yogulira nthawi yabwino, koma nditapita ku ofesi kukafunsa ndinakhala pa benchi mpaka madzulo, kenako n'kuuzidwa kuti fomu yanga sinalowetsedwe chifukwa umboni wa kubanki unali usanaphatikizidwe ndi akaunti yanga, pomwe palibe amene anandiimbira foni. Pamene ankaikonza n'kuti ogulitsa atachepa, pakuti pa msika wathu pamatha masiku wogulitsa masheya a kampani ina osapezeka, ndipo ndinagula pa K125, masheya 16,000. Mukatumiza ndalama, imbani foni tsiku lomwelo mutsimikize kuti fomu yalowa.

Gawo lachitatu linagulidwa pa K160, masheya 12,500. Onse pamodzi anakwana 48,500, pomwe ndalama yomweyo ikanalowa yonse pa K100 ikanagula 60,000. Mtengo ukanatsika kufika pa K80 kenako K50, magawo atatuwo akanandipatsa 85,000, choncho kugawa kumapindulitsa pokhapokha mtengo ukatsika mutayamba kale kugula. Kafukufuku wa mu 2012 wa Vanguard, kampani ya ku America yoikira anthu ndalama m'masheya, woona misika ya ku America, Britain ndi Australia, anapeza kuti kuika ndalama yonse kamodzi kunapambana pafupifupi kawiri pa katatu kalikonse, chifukwa misika imakwera nthawi zambiri kuposa mmene imatsikira. Kwathu kuno ndalama yodikira imathanso mphamvu, monga zinachitikira mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti.

Komabe kugawako kunandithandiza kuti ndiyambe, chifukwa yonse kamodzi sindikanalimba mtima kuiika, ndipo ikanakhalabe kubanki. Vuto lake n'lakuti mwezi uliwonse umayenera kulimbanso mtima. Mtengo utafika pa K160 ndinkaona ngati wakwera kwambiri, ndipo ukanagwa ndikanaopa kuti ugwabe. Ndalama yodikirayo inayambanso kuitanidwa ndi fizi ndi maliro a kumudzi. Chinandigwira ndi pepala limene ndinalembapo masiku ndi kuchuluka kwa gawo lililonse ndisanagule sheya ngakhale imodzi.

Amene mumagula ndi malipiro a pamwezi nkhaniyi sikukukhudzani, pakuti mulibe ndalama yaikulu imene ikudikira. Koma ngati mwalandira ya penshoni kapena ya malo n'kusankha kugawa, musatalikitse miyezi, funsiranitu ngati pali komishoni yochepetsetsa yolipira pa kugula kulikonse, ndipo gawo lililonse likapita muziimba foni tsiku lomwelo.