Deki yanga inali ndi mutu, inalibe munthu

Miyezi itatu ndakhala ndikulimbana ndi pichi deki ya dokyumentale yanga, masamba oonetsa opereka ndalama filimu yomwe ndikufuna kupanga, ndipo dzulo m'pamene ndaona pomwe pamavuta. Mtima wakhalako m'malo. Za bajeti, ndondomeko ya nthawi ndi tsamba la ogwira ntchito sindinena, tonse tikuzidziwa.

Deki yanga yoyamba inali ya masamba 22, ndipo 9 mwa amenewo ankangofotokoza mavuto a ana osamva kusukulu. Zoona zokhazokha, koma uwo ndi mutu chabe, filimu mulibe. Wopereka ndalama akulipira kanema yemwe sanajambulidwe, mathero ake ngakhale ine sindikuwadziwa. Ndiye chimene angachigwire ndi manja n'chiyani? Munthu amene tidzamutsatire, chimene akufuna, tsiku limene zidzadziwike ngati wachipeza, ndi umboni woti wandilola kulowa ndi kamera.

Logilaini, chiganizo chimodzi chofotokoza filimu yonse, ndinailembanso chonchi: mphunzitsi wosamva ali ndi miyezi isanu ndi umodzi yoti aimitse ganizo lotseka sukulu yake, pomwe theka la makolo akufuna itsekedwe. Tsamba lotsatira ndinaika chithunzi chimodzi chomwe ndinajambula ndekha: mayiyo atakwera pa mpando akukonza babu, chifukwa m'kalasi mukachita mdima ana saona manja ake. Zithunzi zokongola za pa intaneti ndinachotsa, zimakuulula kuti sunafikeko. Kenako tsamba la chilolezo: ndawadziwa zaka ziwiri, asayina fomu, komiti ya sukulu yalola kujambula misonkhano koma yakana kuchipinda chogona ana. Kukanako ndinakulembanso. Masamba anatsala 12.

Njira yanga tsopano ndi iyi, ndipo palibe angandichotsepo: pa tsamba lililonse ndimadzifunsa ngati wojambula wina angaikepo dzina lake osasintha kanthu. Ngati angathe, tsambalo ndimalitaya. Ndikuona ngati njira imeneyi yokha ikuposa maphunziro onse a chaka chino.

Chikundiwawa n'chakuti aphunzitsi athu a mafilimu anatha masabata awiri pa mitundu ya zilembo ndi makaka. Za chilolezo anangodutsapo tsiku lomaliza, belu litalira kale. Pajatu ku IDFA Forum ku Amsterdam, komwe opanga madokyumentale amakapempha ndalama, munthu amapatsidwa mphindi zochepa zokha, kakanema kachitsanzo kali momwemo. Ndi masamba anga 9 aja nthawi ikanatha mayiyo ndisanawatchule n'komwe.

Pomwe ndakakamira ndi pa tsamba la ndalama. Amati uonetse zomwe wapeza kale, zomwe wapempha kwina ndi zomwe ukupempha pano. Ine mzere woyambawo uli ndi kamera yobwereka ndi masiku anga osalipidwa basi. Kaya ndizilembe ngati ndalama, kaya ndisiye ziro aoneke poyera. Ndipo ganizo lotseka sukuluyo likathetsedwa mwezi wamawa, nkhani n'kuthera pomwepo ndisanayambe kujambula, kaya deki imeneyi idzakhala ya filimu iti.