Kadi yotsanzikana ndi bambo a ku Kanengo

Lolemba m'mawa pa tebulo panga panafika envulopu yaikulu, mkati muli kadi ndi kapepala ka mayina, eti aliyense akalemba azichonga dzina lake n'kupatsira mnzake, ndipo Lachisanu isanakwane lanchi ikhale itabwerera kwa a sekilitale. Amene akuchoka ndi bambo ena achikulire a kunyumba yathu yosungira katundu ku Kanengo. Ine ndimakhala ku akaunti, ku City Centre, ndiye bambowa nkhope yawo ndinangoiona patali pamsonkhano wa onse ogwira ntchito, koma dzanja lawo ndimalidziwa bwino chifukwa mapepala olandirira katundu amene ndimalipirira masaplaya amasaina ndi iwowo. Pafoni tayankhulapo, koma za ntchito zokhazokha. Kwawo sindikudziwa, ana awo sindikuwadziwa, kaya amapemphera kuti.

Ndinayamba ndawerenga zimene anzanga analemba kale. Wina analemba kuti tidzakusowani kwambiri adada, ofesi sidzakhalanso chimodzimodzi, pamene ndikudziwa kuti ameneyo wabwera chaka chino ndipo ku Kanengo sanapondeko. Wina anaika vesi yonse ndi chaputala chake. Wina anangoti zabwino zonse n'kusaina. Ndiye panali awiri amene analemba kuti mafuno abwino pantchito yanu yatsopano, ndipo apa mpamene ndinaika cholembera pansi, chifukwa imelo imene inabwera kuchokera kwa abwana sinanene zoti apeza ntchito ina, inangoti akumaliza nafe kumapeto kwa mwezi uno ndipo tikuwathokoza. Imelo ikalembedwa mwachidule choncho nthawi zambiri pamakhala chifukwa.

Kwa ine kamvekedwe ka mawu otsanzika kamayambira pamenepo, munthuyo akuchoka chifukwa chiyani. Wopuma pantchito chifukwa cha zaka umamuyamikira ndi kumufunira mpumulo wabwino, wokwezedwa kapena wopeza malo abwino umasangalala naye, wosamutsidwa kupita ku Mzuzu kapena ku Blantyre mumakhala mukadali limodzi ndiye sipafunika mawu olemera, koma munthu amene kontirakiti yake yatha osaiwonjezera, mawu achisangalalo amamubaya. Akatsegula kadi kunyumba pamaso pa akazi awo n'kuona anthu akuwafunira zabwino pantchito imene kulibe, amadziwiratu kuti olembawo sanafunse n'komwe.

Lachiwiri ndinali ndi chifukwa choimbira a supavaiza a ku Kanengo pankhani ya invoisi ya mafuta, ndiye titamaliza ndinawafunsa. Sindinafunse kuti bambo aja achotsedwa kapena ayi, zimenezo ndi za mufailo yawo ndipo si zanga. Ndinati, achimwene, bambo aja iwo eni akuwauza chiyani anthu za kuchoka kwawo, ndikufuna ndilembe m'kadi zosawakhumudwitsa. Anandiyankha kuti sakubisa, pulojekiti imene imalipira malo awo yatha ndalama, kontirakiti sinawonjezeredwe, ndipo akuti ayamba abwerera kumudzi akaone za munda kenako aziona. Anawonjezera kuti ndi Msilamu, Lachisanu masana amapita kumzikiti, nchifukwa chake kaphwando kaja akaika madzulo. Ndinaganiza za vesi ija, wolembayo anali ndi mtima wabwino ndithu, koma analemba zimene zikanamutonthoza iyeyo, osati zimene zingafike kwa mwini kadi. Kunena kuti Mulungu akutsogolereni kumalandirika kwa Mkhristu ndi Msilamu yemwe, ndipo kwa munthu amene sukumudziwa mpomwe uyenera kulekezera.

Lachitatu linapita ndi ntchito ya malipiro, kadi inangokhala mudirowa, koma mutu unali pomwepo. Chimene chimavuta ukamalembera munthu amene sunazolowerane naye nchakuti mawu onse okonzeka kale amene timawadziwa ndi a mitundu iwiri, a chibale ndi a pamaliro. A chibale ndi aja akuti adada athu, tidzakusowani, musatiiwale, muzibwera kudzationa. Akachokera kwa anyamata amene amakweza nawo matumba tsiku ndi tsiku amakhala oona, akachokera kwa ine amene sindinamwepo nawo ngakhale tiyi ndi bodza, ndipo munthu wamkulu bodza lotere amaliona msanga. Ena amafika mpaka poitana munthu ndi mfunda wake kuti zimveke zachikondi, koma mfunda umaitana munthu amene anakuuza yekha kapena amene mumaitanana choncho kale, osati woufunsira kwa dalaivala dzulo lake. A pamaliro ndiye oopsa kwambiri chifukwa amalowa osawaona. Ukangolemba kuti munali munthu wabwino, munali wolimbikira, mwatisiya ndi chisoni, tidzakukumbukirani mpaka kale, wawerenga mbiri ya malemu munthu ali moyo. Bambowa akadali wolimbikira, kungoti azikalimbikira kwina, ndiye ndinaona kuti chilichonse chonena za khalidwe lawo chikhale cha lero, muli, mumachita, ndipo zakale zikhale za chinthu chimene chinachitika basi.

Mbali inayo kulinso dzenje, kuuma. Zabwino zonse ndi siginecha si kulakwa, koma zimamveka ngati wasainira kuti walandira memo. Ndipo pali kuuma kwina kwa chiofesi, kuja kolemba ngati ndiwe bwana, tikuthokoza chifukwa cha ntchito yomwe mwagwirira bungwe lino. Amenewo ndi mawu a manijala m'kalata, ine si amene ndinawalemba ntchito ndipo si amene ndaithetsa, ndiye kuyankhula m'dzina la bungwe sikundiyenera, makamaka kwa munthu amene bungwelo langomuuza kuti ndalama zatha.

Ndiye chotsala nchiyani ngati chibale palibe? Ndinadzifunsa kuti kodi chimene ndikudziwa chenicheni cha bambowa nchiyani, chimene ndinachiona ndi maso anga, ndipo chinalipo. Mapepala awo amabwera athunthu, deti ilipo, sitampu ilipo, nambala ya oda ikugwirizana ndi ya pa invoisi, sindinabwezepo pepala lawo kuti akakonze, ndipo amene amagwira ku akaunti akudziwa kuti zimenezi sizichitikachitika. Komanso tsiku lina kumapeto kwa mwezi anandiimbira okha, ndisanalipire, kundiuza kuti saplaya walemba matumba ambiri pa invoisi kuposa amene anatsitsa, ndidikire kaye pepala lokonzedwa. Akanakhala chete ndalama zikanapita ndipo funso likanabwera kwa ine nthawi ya odita. Chimenecho ndi changa ndi iwo, palibe wina m'kadimo akanachilemba, ndipo sichifuna kuti ndinamizire kuti timadziwana.

Lachinayi ndinalemba kaye papepala lapadera, chifukwa m'kadi ukalakwitsa sufufuta. Poyamba zinatalika, ndinafotokoza nkhani ya matumba yonse ndi dzina la saplaya, kenako ndinaona kuti kadi imadutsa m'manja mwa anthu onse a muofesi, dzina la saplaya lisalowemo, komanso malo ndi ochepa, ukadzaza theka la tsamba pamene anzawo enieni a ku Kanengo sanalembe ndiye kuti wawalanda malo. Munthu amene sumudziwa bwino mizere itatu kapena inayi yakwana. Ndinachotsanso chiganizo chimene ndinayamba nacho chakuti pepani ndi zimene zachitika. Pepani ameneyo anali wochokera pansi pamtima, koma m'kadi yowerenga aliyense akuika poyera nkhani ya kontirakiti, ndipo akumuika munthu pamalo omvetsa chisoni pamene iye akutuluka mutu uli m'mwamba. Nthabwala sindinayese n'komwe, nthabwala imafuna anthu amene anasekapo limodzi.

Zimene zinalowa m'kadi ndi izi: "Bambo, ine ndi wa ku akaunti amene ndimalandira mapepala anu. Sitinakhale pansi n'kucheza, koma ntchito yanu ndimaiona mwezi uliwonse, mapepala anu amafika olongosoka ndipo tsiku lija munandiimbira ndisanalipire munandithandiza kwambiri. Zikomo. Mulungu akutsogolereni pa zonse zimene mukukonza, inu ndi banja lanu." Pansi ndinalemba dzina langa lonse ndi dipatimenti, osati kasiginecha kokhotakhota, chifukwa munthu amene sakudziwa nkhope yako sangadziwenso siginecha yako.

Chiganizo chakuti sitinakhale pansi n'kucheza ndinalimbana nacho, mnzanga wa tebulo loyandikana anati chichotse, chikumveka ngati ukudzipatula. Ine ndinachisiya. Iwo akudziwa kuti sitidziwana, ine ndikudziwa, ndiye kuchinena poyera kumapangitsa kuti zikomo wotsatirayo akhulupirike. Mnzangayo anafunsanso kuti bwanji osalemba kuti mukafuna chilichonse mundiuze. Ndinamuyankha kuti lonjezo lotere kwa munthu amene ntchito yamuthera si mawu okongoletsa, akhoza kuimbadi mwezi wamawa kufunsa ngati kuli malo kapena kubwereka ndalama, ndipo ngati sunakonzeke kuyankha foniyo usalembe. Chimene ndingathe ine nchimodzi, kuonetsetsa kuti ndalama zawo zomaliza ndi za masiku a tchuthi amene sanapite zisachedwe pa tebulo panga, ndipo chimenecho sicholemba m'kadi, nchongochita.

Za awiri aja olemba za ntchito yatsopano ndinakawauza a sekilitale mwakachetechete. Kufufuta sikukanatheka, ndiye anagula kadi ina yaing'ono yofanana mtundu, anamata tsamba loyera pamwamba pa mbali imeneyo, n'kuwapempha awiriwo kuti alembenso, ndipo onse analemba mosavuta atamva chifukwa chake. Pagulupu ya WhatsApp ya ofesi, pamene anthu amaponya zopereka za mphatso pa Airtel Money ndi Mpamba, mauthenga anali ambirimbiri ndi tizithunzi ta maluwa ndi manja opemphera, ine pamenepo ndinangolemba kuti zikomo bambo, muyende bwino, chifukwa pagulupu mawu amakwiririka msanga ndipo zanga zenizeni zinali kale m'kadi.

Lachisanu madzulo tinapita ku Kanengo pa minibasi ya ofesi. Panali zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi mandasi, a supavaiza anayankhula, mmodzi wa anyamata onyamula katundu anayankhula mpaka mawu anamuthera, ndipo ameneyo tidzakusowani wake aliyense anamva kuti ngoona. Bambo aja analandira kadi ndi nsalu ya mayi akunyumba, kadi sanaitsegule pomwepo. Titamaliza ndinapita kukawapatsa moni, ndinadzitchula dzina, anati ooh ndinu mayi a ku akaunti aja, ndiye anandiuza kuti mapepala a sabata ino awasiya mufailo yobiriwira, pali limodzi la simenti limene saplaya sanabweretse invoisi yake, ndisalipire mpaka mnyamata amene akutsala pamalopo atandiimbira.