Atandifunsa za zaka zomwe sindinali pa ntchito, intavyu itatha kale

Intavyu inali ya ukalaliki wa ku sitolo yosungira katundu, pa kampani ina ku Kanengo. Mkatimo nkhani zinali za ntchito basi, kawerengedwe ka sitoko, kalandiridwe ka katundu, umatani ukapeza kuti za m'buku ndi za pa shelefu sizikugwirizana. Pa sivi yanga panali poonekeratu kuti ntchito ina inathera mu 2020 ndipo yotsatira inayamba mu 2023, koma palibe anafunsa. Funso linabwera sabata yotsatira pa foni, ndili mu minibasi yopita ku 25, kondakitala akukuwa m'khutu. Anali mayi a ku ofesi yolemba anthu ntchito. Akuti, "Mayi, tikumalizitsa mafayilo a anthu amene tawasankha kuti tiwaonenso, koma apa pakati pa 2020 ndi 2023 sipakuoneka kanthu, munali kuti?"

Sindinayankhire mu minibasimo. Ndinati madamu pepani ndili pa msewu phokoso lachuluka, mungandilole ndikuimbireni ndikatsika, kapena mukufuna ndilembe pa imelo? Iwo akuti zonse ziwiri, tiyankhule kaye kenako mulembe kuti ndiike mu fayilo. Mawu oti fayilowo ndi amene anandiuza chimene chikuchitika. Munthu amene akufuna kukutaya sataya mayunitsi ake kukuimbira, amangokhala chete. Akafunsa intavyu itatha ndiye kuti dzina lako lili pafupi, ndipo pali bwana wina pamwamba amene sanakuone n'komwe, angoona mapepala, nde mayi aja akufuna chomuyankha akafunsa. Yankho lako liwerengedwa ndi munthu woti sumudziwa, iwe kulibe.

Komanso chimene amaopa si kukhala pakhomo kwenikweni. Mu Lilongwe muno aliyense ali ndi m'bale wake wa mapepala amene wakhala zaka osapeza ntchito, zimenezo sizidabwitsa munthu. Pa ntchito yogwira makiyi a sitolo amaopa kuti mwina unachotsedwa chifukwa katundu anasowa, kapena pali ntchito ina pakatipo imene waibisa poti unachokako moipa. Mantha ena ndi oti chimene chinakukhazika pakhomocho chikadalipo, ungoyamba ntchito n'kumajombanso. Ndiye ndisanaimbe ndinadziwa kuti ndiyankhe zimenezo, osati kufotokoza mbiri ya moyo wanga wonse.

Nditafika kunyumba ndinayamba ndi mapepala, ndisanaganize n'komwe za mawu okoma. Ndinatulutsa envulopu ya khaki ija timasungamo masetifiketi, ndikufuna madeti enieni. Apa m'pamene anthu ambiri amagwera, amanena deti la m'mutu. Ine m'mutu mwanga ntchito inatha Julaye 2020, chifukwa ndi mwezi umene tinaitanidwa n'kuuzidwa kuti bizinesi yatsika ndi Kovidi, ena tichepetsedwa, ndipo sindinapitenso. Koma kalata ikuti 31 Ogasiti 2020, poti anawerengera mwezi wa notisi. Munthu wolandira pa mwezi notisi yake ndi mwezi umodzi. Ndikanati Julaye pa foni, iwo n'kuimbira kampani yakale n'kumva Ogasiti, ndi kanthu kakang'ono inde koma munthu amene akukayikira kale amayamba kufunsa kuti china chosagwirizana n'chiyani. Ndinatenga deti la pa kalata.

Pepala limene linandithandiza kwambiri ndi setifiketi yosonyeza kuti ntchito inatha. Ambiri sadziwa kuti ndi ufulu wawo. Lamulo la ntchito la 2000, gawo 31, limati ntchito ikatha, wantchito akapempha, bwana ayenera kupereka setifiketi yolembapo dzina ndi adiresi ya kampani, nthawi imene wagwira, udindo wako ndi malipiro amene umalandira pochoka. Chifukwa chochokera amachilemba ukapempha iwe mwini. Ine ndinapempha kuti alembe, ndipo palembedwa kuti ndi kuchepetsa antchito. Mzere umodzi umenewo ukuyankha funso la kuba lija popanda ine kulumbira kuti ndine wokhulupirika. Ngati mulibe pitani mukaitenge, ngakhale papita nthawi yesani ndithu, ndipo akamakuzungulitsani ofesi ya leba ilipo. Kampani ikakhala kuti inatsekeratu, sitetimenti ya penshoni imathandizako chifukwa imaonetsa mwezi womaliza umene ndalama inalowa, kapena kalata ya ndalama zochokera nazo pa ntchito ngati munalandira.

Kenako ndinalemba pa pepala zaka zija m'zigawo, mwezi ndi mwezi osasiya bowo. Seputembala 2020 mpaka pakati pa 2021 ndimafunafuna ntchito. Juni 2021 amayi anachita sitiroko, ndinakhala gadiyani ku Kamuzu Central, atatuluka ndinapita nawo kumudzi ku Mitundu chifukwa samatha kudzisamba kapena kudya okha. Kuyambira Meyi 2022 mpaka Febuluwale 2023 ndimakhala pa kiyosiki ya msuweni wanga ku Mchesi, yotumiza ndi kulandira ndalama pa foni. Malichi 2023 ndinapeza kontirakiti ya kanthawi imene inali kale pa sivi.

Za amayi m'pamene ndinaganiza nthawi yaitali. Nkhaniyo ndikaiyamba sindimaliza msanga, kugona pansi pa chitenje pafupi ndi bedi, kuwatembenuza usiku, kuwaphunzitsanso kugwira sipuni. Ndi zaka zimene sindichita nazo manyazi olo pang'ono. Koma mayi a ku ofesi aja safuna misozi yanga, ndipo matenda ndi a amayi, si anga oti ndizigawa. Buku lawo la kuchipatala sindinatumize ndipo sindikanatumiza. Ndinasankha kunena zinthu ziwiri zokha, kuti ndimadwazika amayi anga, komanso kuti panopa ali bwinoko ndipo akukhala ndi achemwali anga amene anabwerera kumudzi. Chachiwiricho n'chimene bwana akufuna kumva, kuti lolemba m'mawa ndidzapezeka pa geti.

Nditaimba ndinayamba ndi kuthokoza kuti afunsa, kenako ndinangotsata pepala lija, sizinathe ngakhale mphindi ziwiri. Nditamaliza ndinakhala chete. Kukhala cheteko n'kovuta abale, pakamwa pamayabwa kuti uwonjezere, ufotokoze kuti bwana wakale anasankha ochotsa mokondera, kuti zinthu zinali zolimba bwanji, koma chilichonse chowonjezera chimabala funso lina. Za kampani yakale sindinanene choipa ngakhale chimodzi.

Iwo anafunsa mafunso awiri. Loyamba, kiyosikiyo inali yanu? Ndinati ayi madamu, layini inali m'dzina la msuweni wanga, ine ndimagwira tsiku ndi tsiku ndipo amandipatsa gawo la komishoni. Zikanamveka bwino kunena kuti ndinali ndi bizinesi yanga, koma akanati tumizani pepala lolembetsera ndikanagwira chani? Ndinangowonjezera chimene chikukhudza ntchito yawo, kuti madzulo aliwonse ndimafananitsa fuloti ya pa foni, ndalama za m'kabati ndi zolemba m'buku la hadikava, zikasiyana sindimatseka mpaka ndipeze pamene zapita. Ndi ntchito yomweyo ya ku sitolo, kungoti kumeneko timawerenga makatoni.

Lachiwiri analifunsa mozungulira, akuti nanga kunyumba, ana aang'ono, palibe china chimene chingakuvuteni? Azimayi funso limeneli timalidziwa. Lamulo lomwe lija pa gawo 5 limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa choti ndi mkazi, ali pabanja kapena ayi, kapena chifukwa cha udindo wosamalira banja. Koma pa foni si pomwe ungayambe kuwerengera munthu malamulo pamene ukufuna akulembe. Ndinangoyankha za ntchito, kuti maola amene munanena pa intavyu ndikwanitsa, kuphatikiza masiku owerenga sitoko kumapeto kwa mwezi oweruka mochedwa aja. Sanafunsenso.

Imelo ndinatumiza madzulo omwewo, pa adiresi imene anandiitanira intavyu, mutu wake dzina langa ndi dzina la ntchito kuti asavutike kuisaka. Inali m'Chingerezi koma mfundo zake zinali izi:

"Zikomo pondiimbira lero. Monga tinakambirana, ntchito yanga yoyamba inatha pa 31 Ogasiti 2020 chifukwa cha kuchepetsa antchito, setifiketi ndaiphatikiza. Kuchoka Juni 2021 mpaka Epulo 2022 ndimadwazika amayi anga, panopa akusamalidwa ndi achibale ndipo sizikhudza kupezeka kwanga pa ntchito. Kuchoka Meyi 2022 mpaka Febuluwale 2023 ndimathandiza pa kiyosiki ya wachibale, kumene ndimasunga mabuku a ndalama tsiku ndi tsiku. Miyezi ya pakati pa Seputembala 2020 ndi Meyi 2021 ndimafuna ntchito. Amene anali mkulu wanga atha kutsimikiza, nambala yawo ili m'munsimu."

Miyezi yofuna ntchito ija sindinaikongoletse. Ndimva ena amati lembani kuti mumachita ulimi kapena kosi inayake, koma ngati simunachite musiyeni, Lilongwe ndi yaing'ono, wina wa pa panelo atha kukhala wa kumpingo kwanu. Setifiketi ndinaijambula bwinobwino pa tebulo masana powala, osati pa bedi chitenje chikuoneka m'mbali, n'kuisandutsa PDF ndisanatumize.

China chimene ndinachita ndisanadine kutumiza, ndinaimbira kaye bwana wanga wakale uja. Iwo anachokanso pa kampani ija, ndiye anthu akanaimba ku ofesi akanapeza atsopano oti sandidziwa. Ndinawapempha chilolezo choika nambala yawo, ndinawauza ntchito imene ndikufunsira ndi deti limene lili pa setifiketi, komanso kuti ayankheko nambala yachilendo ikabwera, poti ambiri masiku ano sayankha akuopa akuba a pa foni. Refarensi yosayankha foni imachedwetsa fayilo kuposa zaka zopanda ntchitozo.

Kenako kudikira. Sindinawasowetse mtendere ndi mameseji, patatha sabata ndinangotumiza umodzi wofunsa ngati imelo inafika komanso ngati pali pepala lina lofunika. Anayankha kuti yafika ndipo akufuna kopi ya chiphaso cha unzika. Bwana wakale uja anandiuza pambuyo pake kuti anawaimbira, ndipo anangofunsa ngati ndinachoka chifukwa cha kuchepetsa antchito komanso ngati angandipatsenso makiyi. Za amayi ndi za kiyosiki sanafunse n'komwe. Kalata inatuluka, ndinayamba ndi miyezi yoyesedwa ngati wina aliyense. Pa sivi panopa ndinawonjezera mzere umodzi pakati pa ntchito ziwirizo, wa madeti ndi zimene ndimachita, ndipo setifiketi ija ndinaisunga pa imelo ndi pa foni kuti wina akadzafunsa ndili mu minibasi ndingotumiza.